Mafunso ndi mayankho: kutsimikiza ngati ndandanda wobwezera ngongole wawerengedwa molondola

Munthu akatenga ngongole amapatsidwa pepala la mizeremizere losonyeza tsiku lolipira, ndalama yolipira, gawo lopita ku chiwongoladzanja, gawo lodula ngongole yeniyeni, ndi balansi yotsala. Ambiri amangoona ndalama ya mwezi ndi mwezi n'kulipinda pepalalo. Komatu mzera uliwonse mungauwerenge nokha ndi kakyuleta ya pafoni, ndipo pamene pali cholakwa chimaonekera msanga. Mayankho onse ali m'munsimu atsata chitsanzo chimodzi: ngongole ya 120,000, chiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka, yobweza mwezi ndi mwezi kwa miyezi 6.

Ndiyambire pati?

Yambirani pa mgwirizano womwe munasaina, osati pa ndandandawo. Ndandanda umachokera mu mgwirizano, ndiye awiriwa akasemphana, mgwirizano ndi umene mungaimirepo. Tulutsanimo ndalama yomwe mwakongola, peresenti ya chiwongoladzanja (muonetsetse ngati ndi ya pamwezi kapena ya pachaka), kuchuluka kwa maulendo obweza, tsiku lomwe ndalama inatuluka ndi tsiku loyamba kulipira. Kenako funafunani chiganizo chonena kuti chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama iti: pa yotsala mwezi uliwonse, kapena pa yonse yomwe munatenga pachiyambi. Chiganizo chimenechi nthawi zambiri chimakhala chachifupi, koma ndi chimene chimalamula manambala onse a pa pepalapo.

Mzera umodzi ndingauyese bwanji?

Tengani balansi yomwe mwezi wayambira. Pa chitsanzo chathu mwezi woyamba wayambira pa 120,000. Peresenti ya pachaka igaweni ndi 12: 24 kugawa ndi 12 ndi 2 peresenti pamwezi, kapena 0.02. Mukachulukitsa 120,000 ndi 0.02 mupeza 2,400. Chimenechi ndicho chiwongoladzanja cha mwezi woyamba.

Ndalama yolipira mwezi uliwonse pa ngongoleyi ndi 21,423.10. Chotsanipo 2,400 ija, patsala 19,023.10, ndipo iyi ndi yokhayo yomwe yadula ngongole yeniyeni. Tsopano 120,000 kuchotsa 19,023.10 ndi 100,976.90. Balansi imeneyi iyenera kukhala kumapeto kwa mzera woyamba, ndiponso mzera wachiwiri uyenera kuyambira pa nambala yomweyo, osasintha ngakhale pang'ono.

Mzera wachiwiri mumachita chimodzimodzi, koma 0.02 ija mumachulukitsa ndi 100,976.90, osatinso 120,000. Mukapitiriza mpaka kumapeto zimatuluka chonchi:

| Mwezi | Yolipira | Chiwongoladzanja | Yodula ngongole | Balansi yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 21,423.10 | 2,400.00 | 19,023.10 | 100,976.90 |
| 2 | 21,423.10 | 2,019.54 | 19,403.56 | 81,573.34 |
| 3 | 21,423.10 | 1,631.47 | 19,791.63 | 61,781.71 |
| 4 | 21,423.10 | 1,235.63 | 20,187.47 | 41,594.24 |
| 5 | 21,423.10 | 831.88 | 20,591.22 | 21,003.02 |
| 6 | 21,423.08 | 420.06 | 21,003.02 | 0.00 |

Onani mmene chiwongoladzanja chikutsikira pamene gawo lodula ngongole likukwera, koma ziwirizo mukaziphatikiza zikupereka nambala imodzimodzi. Ndimalangiza kuti mizere itatu yoyamba muiwerenge ndi dzanja lanu ngakhale muli ndi kompyuta, chifukwa mukatero mumadziwa kumene nambala iliyonse yachokera, ndipo mukamalankhula ndi okongozawo simusowa chonena.

Nanga 21,423.10 yachokera kuti?

Ndi ndalama yokhayo yomwe, mukamailipira mosasintha kwa miyezi 6 pa 2 peresenti, imafikitsa balansi pa ziro mwezi womaliza. Imapezeka motere, pamene P ndi ngongole, r ndi peresenti ya pamwezi ndipo n ndi miyezi:

```
A = P * r / (1 - (1 + r)^-n)
```

Pa kakyuleta, chulukitsani 1.02 ndi iyo yomwe mpaka akwane ma 1.02 asanu ndi mmodzi, mupeza 1.126162. Gawani 1 ndi nambala imeneyo, mupeza 0.887971. Chotsani iyi pa 1, patsala 0.112029. Pomaliza gawani 2,400 ndi 0.112029, ndipo yankho likhala pafupi kwambiri ndi 21,423. Mu Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets ndi mzera umodzi:

```
=PMT(0.02,6,-120000)
```

Ngati yankho lanu likusiyana ndi la pa ndandanda ndi ndalama yooneka, musathamangire kunena kuti akuberani. Kawirikawiri zimatanthauza kuti chimodzi mwa zitatuzi, P, r kapena n, si chomwe inu mukuganiza, ndipo ntchito yanu ndi kupeza kuti n'chiti.

Ngongole yanga ndi ya miyezi 60. Kodi ndiwerenge mzera uliwonse?

Ayi, pali njira zachidule. Wonkhetsani danga lonse la gawo lodula ngongole: liyenera kukwana ndendende ndalama yomwe munakongola. Pa chitsanzo chathu manambala 6 aja akwana 120,000.00. Wonkhetsaninso zonse zolipira, zomwe ndi 128,538.58, muchotsepo 120,000. Zotsala, 8,538.58, ziyenera kufanana ndi danga la chiwongoladzanja mukaliwonkhetsa. Balansi yomaliza ikhale ziro.

Njira yomwe ndimaikonda kwambiri ndi iyi. Pa ngongole yolipira ndalama yosasintha, gawo lodula ngongole limakula ndi peresenti ya chiwongoladzanja mwezi uliwonse. Ndiye 19,023.10 kuchulukitsa ndi 1.02 ndi 19,403.56, ndipo 19,403.56 kuchulukitsa ndi 1.02 ndi 19,791.63. Mungasankhe mizere iwiri iliyonse yotsatizana pakati pa ndandanda wautali, n'kugawa wapansi ndi wapamwamba. Ikatuluka 1.02, pamenepo pali bwino. Ikatuluka nambala ina, ndiye kuti pamalo pamenepo palowa china chake: peresenti yasintha, kapena mwalowa fizi, kapena akuwerenga masiku m'malo mwa miyezi.

Mukafuna kulumpha n'kuyesa mwezi umodzi wokha, mwachitsanzo wachitatu:

```
=IPMT(0.02,3,6,-120000)
=PPMT(0.02,3,6,-120000)
=FV(0.02,3,21423.10,-120000)
```

Woyamba upereka chiwongoladzanja cha mweziwo, wachiwiri gawo lodula ngongole, wachitatu balansi mutalipira katatu. Makompyuta ena amafuna chizindikiro cha ; pamalo pomwe apa pali chizindikiro cha , pakati pa manambala.

Bwanji ndalama ya mwezi womaliza yasiyana ndi ya miyezi ina?

Chifukwa cha kudula manambala a kutsogolo kwa kadontho. Yankho lenileni ndi 21,423.0975 ndi timanambala tina, koma munthu sangalipire zimenezo, ndiye amalemba 21,423.10. Tochepa tomwe mwapitiriza mwezi uliwonse timabwezedwa pa mwezi womaliza, n'chifukwa chake pali 21,423.08. Kusiyana kotere n'kwabwinobwino, monganso FV ija ikupereka 61,781.70 pamene ndandanda ukuti 61,781.71. Chofunika kufunsa ndi pamene mwezi womaliza wakula ndi mazana kapena masauzande. Zikatero ndiye kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi inali yochepa kuti imalize ngongole, kapena mgwirizano unakonzedwa dala kuti chigawo chachikulu chilipidwe kumapeto.

Pa ndandanda wanga chiwongoladzanja sichikutsika. Mwezi uliwonse ndi 2,400. Kodi alakwitsa?

Mwina sanalakwitse, koma ngongole yanu ndi ya mtundu wina, yomwe amaitcha ya fulati. Apa chiwongoladzanja amawerengera pa 120,000 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngakhale mwabweza kale gawo lalikulu. Ndiye 2,400 kuchulukitsa ndi miyezi 6 ndi 14,400. Kuphatikiza ndi 120,000 ndi 134,400, ndipo kugawa ndi 6 ndi 22,400 pamwezi: 20,000 yodula ngongole ndi 2,400 ya chiwongoladzanja.

Taonani mwezi womaliza. Mwatsala ndi ngongole ya 20,000 yokha, koma mukulipirabe 2,400, yomwe ndi 12 peresenti ya ndalama yomwe ikadali m'manja mwanu. Ngongole ziwirizi zonse zikutchedwa "2 peresenti pamwezi", koma ina mulipira chiwongoladzanja cha 8,538.58, inayo 14,400. Kusiyana kwake ndi 5,861.42 pa miyezi 6 yokha. Kuti mudziwe kuti fulati ameneyu akufanana ndi peresenti yanji ya pa yotsala, lembani:

```
=RATE(6,-22400,120000)
```

Ituluka pafupifupi 3.3 peresenti pamwezi, yomwe ndi pafupifupi 40 peresenti pachaka, osati 24. Ichi ndi chinthu chomwe chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya ngongole, chifukwa munthu amasankha pakati pa okongoza awiri poona peresenti yolembedwa, osadziwa kuti akuyerekeza zinthu zosiyana. Ngati mgwirizano ukunena poyera kuti ndi fulati, ndandandawo ndi wolondola ngakhale ndi wodula. Koma ngati mgwirizano ukuti chiwongoladzanja ndi cha pa ndalama yotsala, pamene ndandanda ukusonyeza 2,400 mwezi uliwonse, chimenecho ndi cholakwa chenicheni ndipo muli ndi chifukwa chokwanira chouza okongozawo kuti akonze.

Kwa ine gawo lodula ngongole ndi 20,000 mwezi uliwonse, koma ndalama yolipira ikutsika. Zili bwino?

Zili bwino. Ndi njira inanso yowerengera pa yotsala: ngongole amaigawa mofanana, chiwongoladzanja n'kumatsika chokha. Chiyenera kuyenda motere: 2,400, 2,000, 1,600, 1,200, 800, 400, zonse pamodzi 8,400. Mumayamba ndi kulipira 22,400 n'kumaliza ndi 20,400. Mwezi woyamba umafanana ndendende ndi wa fulati uja, choncho musaweruze ndi mzera umodzi. Mzera wachiwiri ndi umene umaulula.

Mgwirizano ukuti ndi pa yotsala, 24 peresenti, koma mwezi woyamba alemba 2,446.03 osati 2,400. Zachokera kuti?

Akuwerenga masiku. Chiwongoladzanja cha chaka chonse pa 120,000 ndi 28,800. Mukachigawa ndi masiku 365 n'kuchulukitsa ndi masiku 31, mupeza 2,446.03. Mwezi wa masiku 30 ukanakhala 2,367.12, ndipo wa masiku 28 ukanakhala 2,209.32. Okongoza ena amagawa ndi 360 m'malo mwa 365 koma n'kumawerengabe masiku enieni, ndipo masiku 31 omwewo amatuluka 2,480.00. Njira ya 360 imeneyi imakwezako chiwongoladzanja pang'ono, ndiye iyenera kukhala yolembedwa mu mgwirizano.

Njira yabwino yopezera zomwe achita ndi kubwerera chammbuyo. Tengani chiwongoladzanja chomwe alemba, gawani ndi balansi yoyambira, gawaninso ndi masiku a pakati pa madeti awiriwo, kenako chulukitsani ndi 365. Ikatuluka 0.24, mwaipeza njira yawo. Ikapanda kutero yesani 360. Pa ndandanda wowerenga masiku, kuyesa kwa 1.02 kuja sikugwira ndendende, ndiye mzera uliwonse mumauyesa ndi masiku ake.

Mzera woyamba ndi umene umasokoneza anthu kwambiri, chifukwa si nthawi zonse pamene pamadutsa mwezi wathunthu. Ngati ndalama inatuluka pa 16 Marichi ndipo kulipira koyamba ndi pa 30 Epulo, amenewo ndi masiku 45, ndipo chiwongoladzanja chake ndi 3,550.68. Chomwe muyenera kuonetsetsa ndi tsiku lomwe ayambira kuwerenga. Kawirikawiri limakhala tsiku lomwe ndalama inatulukadi. Ngati ayambira pa tsiku lomwe ngongole inavomerezedwa, pamene ndalama inabwera patatha sabata, funsani kuti mgwirizano ukunena pati zimenezo.

Nanga chikakhala chocheperapo, monga 2,170.51?

Ndiye kuti 24 peresentiyo akuitenga ngati chiwongoladzanja chonse cha chaka, chophatikiza kale kuberekana kwa mwezi ndi mwezi. Ndalama ikamakula ndi 2 peresenti mwezi uliwonse, pakutha kwa chaka imakhala itakula ndi 26.82 peresenti, osati 24. Kuti ikule ndi 24 yeniyeni, ya pamwezi iyenera kukhala pafupifupi 1.809 peresenti:

```
=(1+0.24)^(1/12)-1
```

Yankho lake mukalichulukitsa ndi 120,000 mupeza 2,170.51 uja.

Ndinakongola 120,000 koma ndinalandira 116,400. Ndandanda uyambire pa iti?

Apa adula fizi ya 3 peresenti, 3,600, ndalama isanakufikeni. Ndandanda uyambirabe pa 120,000, chifukwa ndi yomwe mwakongola, ndipo manambala onse a m'mwamba muja sasintha. Chosintha ndi kudula kwa ngongoleyo kwa inu: mukubweza 21,423.10 pamwezi pa ndalama ya 116,400 yomwe munaigwira. Mukaika manambala amenewa mu RATE mupeza pafupifupi 2.9 peresenti pamwezi.

Okongoza ena sadula, amawonjezera. Mumalandira 120,000 yonse koma ndandanda umayambira pa 123,600, ndipo chiwongoladzanja choyamba chimakhala 2,472, kutanthauza kuti fiziyo nayonso ikubereka chiwongoladzanja. Njira zonse ziwiri zimachitika. Chomwe sichiyenera kuchitika ndi zonse ziwiri pa fizi imodzi: kulandira 116,400 pamene ndandanda wayambira pa 123,600. Pamenepo mwalipitsidwa kawiri. Inshulansi ya ngongole iyesedwenso chimodzimodzi. Ikakhala yolipira mwezi ndi mwezi iyenera kukhala ndi danga lakelake, ndipo muichotse kaye pa ndalama yolipira musanayambe kugawa chiwongoladzanja ndi gawo lodula ngongole.

Sitetimenti ikusonyeza balansi yosiyana ndi ya pa ndandanda. Cholondola n'chiti?

Ndandanda umanena zomwe zidzachitike ngati mulipira ndalama yonse pa tsiku lake. Sitetimenti imanena zomwe zachitikadi. Mukachedwa kapena kupereka yoperewera, ziwirizi zimasiyana, ndipo sizikumananso zokha.

Tinene kuti mwezi wachiwiri munachedwa, akulipitsani chindapusa cha 500, inu n'kupereka 21,423.10 monga mwa nthawi zonse. Migwirizano yambiri imati ndalama ikalowa iyambe yalipira chindapusa ndi mafizi, kenako chiwongoladzanja, yotsalayo ndiye idule ngongole. Choncho 500 yapita ku chindapusa, 2,019.54 ku chiwongoladzanja, ndipo yodula ngongole yatsala 18,903.56 m'malo mwa 19,403.56. Balansi ikhala 82,073.34. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja chikhala 1,641.47, kukwera ndi 10, ndipo kusiyanako kuzikula pang'onopang'ono mpaka mutalipira 500 ija payokha. Ngati akuwerenga masiku, masiku ochedwawo nawonso awonjezera chiwongoladzanja.

Ikani sitetimenti ndi ndandanda pambalipambali, mutsike mzera ndi mzera mpaka mupeze mwezi woyamba womwe balansi zasiyana. Chifukwa chake chili pa mwezi umenewo, ndipo mizere yonse ya pansi pake ikungotengera. Yerekezani ndi malisiti anu, makamaka tsiku. Nthawi zina munthu amalipira pa tsiku lake koma ndalama n'kulembedwa mochedwa, chindapusa n'kubwera popanda kulakwa kwake, ndipo lisiti ndi lokhalo lomwe lingamuchitire umboni.

Ndinalipira ndalama yowonjezera. Ndingadziwe bwanji kuti yadula ngongole?

Onani chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira. Mukawonjezera 20,000 pa tsiku lolipira la mwezi wachiwiri, balansi iyenera kutsika kuchoka pa 81,573.34 kufika pa 61,573.34, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wachitatu chikhale 1,231.47. Chatsika ndi 400, yomwe ndi 2 peresenti ya 20,000. Mukachipeza chikadali 1,631.47, ndiye kuti ndalama yanu angoisunga ngati yolipiriratu mwezi wamawa, sinadule kanthu. Polipira yowonjezera nenani, ndipo ngati n'kotheka lembani, kuti ndi yodula ngongole yeniyeni, kenako pemphani ndandanda watsopano. Pamenepo pali zosankha ziwiri, kuchepetsa miyezi kapena kuchepetsa ndalama ya pamwezi. Kuchepetsa miyezi ndi kumene kumapulumutsa chiwongoladzanja chambiri.

Peresenti ikasintha pakati pa ngongole?

Mizere yakale siikhudzidwa. Tengani balansi ya pa tsiku losinthalo ngati ngongole yatsopano, ndi miyezi yotsala. Ikakwera kufika pa 30 peresenti pachaka mutalipira katatu, P ndi 61,781.71, r ndi 0.025, n ndi 3. Chiwongoladzanja cha mwezi wachinayi chikhala 1,544.54 ndipo yolipira ikhala 21,632.07.

Ndikufuna kumaliza ngongole yonse nthawi isanakwane. Ndilipire zingati?

Pa ngongole yowerengera pa yotsala, mutalipira katatu mumatsala ndi 61,781.71. Kuwonjezera apo pangabwere chiwongoladzanja cha masiku omwe adutsa chilipirireni komaliza, ndi fizi yomalizira msanga ngati mgwirizano uli nayo. Simuyenera kulipira zolipira zitatu zotsalazo, zomwe ndi 64,269.28, chifukwa mkati mwake muli 2,487.57 ya chiwongoladzanja cha miyezi yomwe simukhalanso ndi ndalamayo. Wokongoza akakupatsani nambala yofanana ndi kuwonkhetsa zolipira zotsala, funsani kuti chiwongoladzanja cha m'tsogolocho achichotsa pati.

Pa ngongole ya fulati nkhani imavuta. Poona ndandanda mungayembekezere kulipira 60,000. Koma okongoza ena amagwiritsa ntchito njira yotchedwa lamulo la 78, dzina lochokera pa kuwonkhetsa 1 mpaka 12. Pa miyezi 6 mumawonkhetsa 1 mpaka 6, mupeza 21. Mwezi woyamba umatenga magawo 6 mwa 21 a chiwongoladzanja chonse, wachiwiri 5, wachitatu 4, mpaka womaliza 1. Ndiye pa miyezi itatu amati mwalipira kale magawo 15 mwa 21 a 14,400 ija, ndipo chomwe angakuchotsereni ndi magawo 6 okha, 4,114.29. Zolipira zitatu zotsala ndi 67,200, kuchotsa 4,114.29, mutsala ndi 63,085.71. Ngati mukuona kuti mwina mudzamaliza msanga, funsani za njira imeneyi musanasaine, chifukwa mukasaina ndiye kuti mwaivomera.

Ndapeza kuti manambala sakugwirizanadi. Ndichite chiyani?

Lembani kalata yachidule yotchula mzera weniweni. Musangoti "balansi yanga ndi yolakwika". Lembani kuti pa mwezi wachitatu balansi yoyambira ndi 81,573.34, pa 2 peresenti chiwongoladzanja chiyenera kukhala 1,631.47, koma ndandanda ukusonyeza nambala ina, ndipo mukupempha kuti akufotokozereni mmene aipezera: peresenti yomwe agwiritsa ntchito, masiku omwe awerenga, ndi balansi yomwe awerengerapo. Phatikizanipo kope ya tsamba la mgwirizano lonena za chiwongoladzanja ndi makope a malisiti, mapepala enieniwo musunge nokha.

Podikira yankho pitirizani kulipira ndalama ya mwezi ndi mwezi, chifukwa mukasiya, chindapusa chomwe chibwere chidzakhala chovomerezeka ngakhale inu mutapezeka kuti munali olondola pa cholakwa choyambacho. Akavomera kukonza, onetsetsani kuti akonza kuyambira pa mzera womwe cholakwa chinayambira, osati kungochotsa kusiyana kwa mwezi umodziwo, popeza ndalama yomwe inalowa molakwika mu balansi yakhala ikubereka chiwongoladzanja miyezi yonse yotsatira. Pemphani ndandanda watsopano wolembedwa, ndipo muuyese monga munayesera woyamba uja. Akakana kapena akapanda kuyankha, dandaulo lotere limapita ku bungwe loyang'anira okongoza ndalama m'dziko lanu, ndipo kalata yanu ija pamodzi ndi yankho lawo ndi zomwe mungapite nazo kumeneko.